Lole ikaima pakhomo loyandikana nalo

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambirife kuno tili m'nyumba za lendi, ndipo mwezi ukamatha pamakhala lole kapena ngolo ikutsitsa katundu pa puloti ina. Ndiye tiyeni titenge banja limodzi: bambo, mayi ndi ana awiri, afika Loweruka masana, dzuwa lili pamutu. Inu muli pakhonde. Mutani?

Choyamba, musaime patali n'kumawerenga mipando. Munthu amene akusamuka amakhala ngati wavulidwa, matiresi ake ndi mapoto ake zonse zili pamtetete. Akaona maso ambiri koma moni palibe, amadziwa kuti madzulo akambidwa pa mpopi. Dikirani katundu atsike, lole ichoke, kenako pitani nokha. Osatuma mwana ayi.

Mukafika, imani kunja munene kuti "Odi kuno!" ngakhale chitseko chili chotsegula. Dzulo nyumbayo inali yopanda munthu ndipo ana anu ankasewera momwemo, koma lero ili ndi eni ake. Akayankha kuti "Odini", mupereke moni: "Takulandirani amayi. Mwafika bwanji?" Kenako dzitchuleni inuyo poyamba: "Ine ndine make Chisomo, ndimakhala nyumba ya chitseko chobiriwirayo." Mukatero mwamupatsa njira yoti nayenso adzitchule mmene akufunira kuitanidwa, kaya ndi dzina la mwana, kaya la bambo, kaya mfunda wake. Akati "Ndine Nabanda", kuyambira pamenepo ndi aNabanda basi. Asananene, "amayi" ndi "abambo" sizilakwika. Wa msinkhu wanu, "achemwali" kapena "achimwene".

Za dzanja. Perekani lamanja, lamanzere litagwira pamkono, ndipo ngati ndi wamkulu pindaniko maondo. Koma abambo, mukapeza mayi yekha, musathamangire kutambasula dzanja. Alipo amayi, makamaka ena achisilamu, amene sagwirana chanza ndi mwamuna. Ombani m'manja pang'ono, muwerame, moni wakwana. Ndipo mucheze muli panja.

Musapite chimanjamanja, koma sindikunena mphatso yogula. Tsiku losamuka munthu amasowa madzi, tsache ndi moto. Ndowa imodzi ya madzi imaposa mawu onse amene munganene, chifukwa ndowa zake zadzaza mbale ndipo sakudziwa komwe timatunga. Chakudya chophika chenjerani nacho. Simukudziwa ngati amadya nkhumba, mbewa kapena mlamba, ndipo munthu wachilendo amachita manyazi kukana. Nthochi, mbatata kapena mtedza sizivuta.

Moni woyambayu asatalike. Mphindi zisanu zakwana, anthuwo atopa. Mafunso aja akuti "Bambo amagwira kuti? Lendi akukulipiritsani zingati? Mwachokeranji komwe munali?" asiyeni. Ena asamuka chifukwa ukwati watha, ena ntchito yatha, ena athawa ngongole. Ngakhale "Kumudzi n'kuti?", funso limene ife timaliona lachibale, lidikire. Wina amalimva ngati mukufufuza mtundu wake kapena chipani chake. Tsanzikani ndi mawu akuti "Mukasowa kanthu mugogode, tili pompano."

Tsopano apa ndi pamene ambiri timagwa. Timapereka moni tsiku loyamba, kenako zii. Mawu aja akuti "mugogode" palibe mlendo amene amawagwiritsa ntchito, amaopa kuoneka wopemphapempha. Ndiye m'mawa mwake muyambe ndinu: "Mwadzuka bwanji aneba? Mwagona bwanji m'nyumba yatsopano?" Pakapita masiku awiri kapena atatu, pitaninso, ulendo uno mukhale pansi. Auzeni zimene sangazidziwe okha: madzi amabwera nthawi yanji, zinyalala timataya kuti, chimbudzi ndi bafa timakolopa mosinthana bwanji, mayunitsi a magetsi timasonkha motani ngati mita ndi imodzi, chigayo ndi chipatala zili mbali iti, njira iti siyendeka usiku. Mikangano yambiri ya pa puloti imayamba chifukwa mlendo waphwanya lamulo limene palibe anamuuza.

Musaiwale kuwaperekeza kwa amfumu kuti akalembetse. Izi si zamwambo chabe. Maliro akagwa m'nyumba ya munthu amene mfumu sikumudziwa, zinthu zimavuta, kuyambira kulengeza mpaka kupeza malo kumanda. Auzeninso mmene timasonkhera pa zovuta, asadzadabwe akadzaona kope likuyenda khomo ndi khomo.

Ee mayi, funso lanu ndalimva: nanga akamayankha mozizira? Onani zizindikiro. Akakutulutsirani mpando kapena mphasa, khalani. Akayankhira pakhomo atagwira chitseko, perekani moni mudutse, mawa muperekenso. Ena amatenga mwezi kuti amasuke. Zimene zimawatsekera pakhomo msanga ndi izi: kuwauza mbiri ya alandilodi ndi ya aneba ena, kuwakokera ku mpingo wanu kapena ku banki mkhonde sabata yoyamba, ndi kubwereka mchere asanamasule n'komwe makatoni.

Abambo akumbuyo aja anakweza dzanja. Nenani bambo, tikumva.