Sefa ya mawu otukwana yomwe imagwira chule

[Pa sikirini: "Chule anadabwa, m'madzi muli mwake"]

Mwambi uwu mulibe chipongwe. Koma pulogalamu yosefa mauthenga yomwe ndinayesa kuno ku Blantyre inaukana. Taonani mzere womwe unaukana.

```
if "hule" in uthenga.lower():
```

Kompyuta siimva mawu, imangofunafuna zilembo zinayi zondondozana: h, u, l, e. Mu "chule" zilimo zonse. Chule wamangidwa wosalakwa. Vutoli ndi lakale ndithu. Mu 1996 kampani ya intaneti ya AOL inkakana kulembetsa anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England, chifukwa pakati pa dzinalo pali mawu otukwana a Chingerezi.

Mwina mukuti, bwanji osaiuza kuti izigwira mawu athunthu okha? Chabwino, tiyese.

[Pa sikirini: `\bhule\b`]

Chule wamasuka. Koma Chichewa chimamata tizidutswa kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu, ndiye "mahule", "uhule" ndi "huleyu" onse adutsa bwinobwino. Apa wotukwana sanachite n'komwe zaukathyali. Akazichita alemba "h*le", "hul3" kapena "huule". Inu mukawonjezera pamndandanda kalembedwe kamodzi, iye wapeka kale ena atatu.

Ngakhale mutatseka maenje onsewa, patsala vuto lomwe mndandanda sungathetse. Mvetserani mauthenga awiri awa: "Galu wanga wasowa ku Chilomoni." "Galu iwe!" Liwu ndi lomwelo. Mukaika "galu" pamndandanda mwatsekereza wofuna chiweto chake, mukalichotsa mwalola chipongwe. Chomwe chimandiwawa kwambiri ine ndi ichi: mayi akalemba kudandaula kuti "anandinena kuti hule", sefa imalanga iyeyo, pomwe womutukwana uja, wa "h*le", akungoyenda.

Nanga kasiyanidwe ka malankhulidwe? Wolemba mndandanda amalemba mmene amalankhulira kwawo. Walemba "chitsiru", wina akulemba "chitsilu", poti kwa ife l ndi r sizisintha tanthauzo. Wina akuti "chindere", liwu la Chitumbuka lomwe mu Ndirande aliyense amalimva, koma pamndandanda palibe. Ngakhale mapulogalamu amene amaphunzira okha kuzindikira chipongwe nawonso amagwa pamenepa. Kafukufuku wa mu 2019 wa ku University of Washington anapeza kuti ankaweruza kuti ndi chipongwe mauthenga olembedwa m'Chingerezi cha anthu akuda a ku America, mwina mpaka kuwirikiza kawiri kuposa a anthu ena.

Mukafuna kudziwa ngati sefa yanu ikugwira ntchito, musawerenge kuti yatsekereza angati. Tengani mauthenga 100 omwe yatsekereza ndi 100 omwe yalola, muwerenge ndi maso anu, makamaka pamodzi ndi mnzanu wochokera chigawo china. M'mulu woyamba werengani achule. M'mulu wachiwiri werengani zipongwe zomwe zinazemba, ndipo pa chilichonse lembani njira yomwe chinadutsira.