QLED si OLED: chilembo chimodzi chisakudyereni ndalama

Mwasunga ndalama miyezi yambiri, mwalowa m'sitolo kukagula TV yanu yoyamba, ndiye pamakatoni palembedwa LED, QLED, OLED. Takulandirani abale anga, musachoke, chifukwa mfundo yachitatuyo ndi imene ikupweteketsa anthu.

Yoyamba, LED, mwachangu. Sikirini yake ndi ya LCD, ndipo LCD payokha siwala. Kumbuyo kwake kuli timababu ta LED, galasi lakutsogolo limangotsegula ndi kutseka njira ya kuwalako. Ndiyotsika mtengo, ndipo imagwira ntchito bwinobwino.

Yachiwiri, OLED. Iyi ilibe mababu kumbuyo. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamadziwalira kokha, ndipo pa TV ya 4K timadontho timeneti timaposa 8 miliyoni. Pakafunika mdima, kadonthoko kamangozima. Chakuda chimada bii.

Tsopano yachitatu, ndipo apa ndiye zimandikwiyitsa. Wogulitsa wina anandiuza maso ali gwa kuti QLED ndi OLED yatsopano. Bodza lamkunkhuniza! QLED ndi LCD yomwe ija, mababu omwe aja kumbuyo. Chowonjezera ndi kapepala kopyapyala kokhala ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa kwantamu doti. Kuwala kwa buluu kochokera ku mababu kukatimenya, timatulutsa kufiira ndi kubiriwira koyera bwino. Mitundu imakongoladi, sindikukana. Koma mababu akuyakabe, ndiye kuwala kumadutsabe ndithu ngakhale pamalo ofunika mdima. Samsung inayamba kulemba dzina la QLED pa ma TV ake mu 2017, pomwe LG inali itayamba kale kugulitsa OLED mu 2013. Mayina akufanana, m'kati ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Musandikhulupirire ine, kayeseni nokha. Pemphani wogulitsa aike mayina oyera aja amayenda pamdima filimu ikatha. Pa QLED yotchipa mdimawo umaoneka wotuwa, ngati makala othiridwa phulusa. Pa yodulirapo, yomwe imazimitsa mababu chigawochigawo, muona kamtambo kowala kozungulira zilembo. Kenako imani chammbali, kutuwako kumaonekera kwambiri. Pa OLED zilembo zimangoyandama pamdima weniweni. Ngati zakuthandizani, dinani Subscribe pompano, ine ndikudikira.

Yachinayi, mugule iti? Ngati pabalaza panu pali mazenera aakulu ndipo mumaonera mpira masana, QLED yabwino imalimbana ndi dzuwa. Mafilimu usiku, nyale zitazima, OLED ilibe mnzake. Koma inu a malo oonetsera mpira, samalani: chizindikiro cha siteshoni chikakhala pakona imodzi tsiku lonse kwa miyezi, timadontho ta OLED pamenepo timatopa msanga, n'kusiya chithunzithunzi chosafufutika.

Sabata yamawa tikambirana kukula kwa TV koyenera chipinda chanu. Yezeranitu mtunda kuchokera pampando kukafika kukhoma.