Kutsatsa kwabweza katatu, nanga phindu lili kuti?

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse, ena mwachokera ku Kamwendo, ena ku Mkanda. Amene muli ndi kope ndi cholembera tulutsani, chifukwa lero tiwerengera limodzi.

Ambiri pano mwayamba kulipira kuti malonda anu adziwike. Ena mumapereka uthenga ku wailesi, ena mumadina Boost post pa Facebook, ena mumalipira mwini tsamba lokhala ndi anthu ambiri. Pofuna kudziwa ngati zayenda, pali kawerengedwe kamene pa zipangizo zotsatsira mudzakaona katalembedwa ROAS. Mumatenga ndalama zonse za malonda amene abwera chifukwa cha kutsatsako, n'kuzigawa ndi ndalama imene mwalipira potsatsa. Mwalipira K50,000, mwagulitsa za K150,000, yankho ndi 3. Kwacha iliyonse yabweretsa makwacha atatu. Munthu ukamva zimenezi mtima umakhala m'malo. Koma nambala imeneyi imaona ndalama yolowa yokha, sidziwa kuti katunduyo anakudyerani zingati.

Tiyerekeze ndi chiponde, poti kuno ku Mchinji mtedza ndi wathu. Mitengo ndikupatsaniyi ndi yongophunzirira, kunyumba mukaikemo yanu. Mayi akugulitsa botolo limodzi K5,000. Mtedza wolowa m'botolomo ndi wa K2,200. Botolo lenilenilo, chivindikiro ndi kapepala komata, K700. Kukazinga, kugayitsa ndi mchere, K400. Kutumiza pa minibasi kwa ogula a ku Lilongwe, tikagawa pa botolo lililonse, K300. Yodulidwa potapa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, K150. Phatikizani. Mwapeza zingati kumbuyoko? Eya, K3,750. Ndiye pa K5,000 ija, yotsala m'manja mwa mayiwa ndi K1,250 basi. Pa K100 iliyonse imene wogula wapereka, yawo ndi K25. Imeneyo ndi 25 peresenti.

Tsopano abwere ndi kutsatsa kuja. Alipira K50,000, agulitsa mabotolo 30, alandira K150,000. ROAS yawo ndi 3, ndipo mnyamata amene anawathandiza kuika uthengawo akuwayamikira kuti zatheka. Koma tiyeni tione bwino. Mwa K150,000 ija, K112,500 ndi ya mtedza, mabotolo, chigayo ndi minibasi. Iyenera kubwerera komweko kuti aphikenso china. Yotsala ndi mabotolo 30 kuchulukitsa ndi K1,250, yomwe ndi K37,500. Ndalama yotsatsira ilipiridwa kuchokera pamenepa, palibenso kwina. K37,500 kuchotsa K50,000, mayiwa alowa pansi ndi K12,500. Agwira ntchito usiku, manja apsa ndi chiwaya, mpamba wachepa. Chimandipweteka n'chakuti sazindikira msanga, chifukwa foni ikulira, mauthenga a ndalama akulowa. Amadzadabwa pa tsiku lokagula mtedza, kuti ndalama ya thumba lathunthu sikukwananso.

Choncho musanalipire kalikonse, pezani malire anu. Njira yake ndi yaifupi: tengani 100, mugawe ndi peresenti imene imakutsalirani. Kwa mayiwa, 100 kugawa ndi 25 ndi 4. ROAS ya 4 ndiyo yongobweza ndalama yotsatsira, popanda phindu, popanda kuluza. Pansi pa 4 akudya mpamba. Amene mapelesenti amakusokonezani, werengani mabotolo: K50,000 kugawa ndi K1,250 ndi 40. Mabotolo 40 oyamba ndi olipira uthenga, phindu liyambira pa botolo la 41.

Malire amenewa amasiyana munthu ndi munthu, n'chifukwa chake musamakopere nambala ya mnzanu. Woluka tsitsi amene pa K100 zimamutsalira K60, malire ake safika n'komwe pa 2, ndiye ROAS ya 3 kwa iye ndi phindu lenileni. Wogulitsa shuga ndi mafuta ophikira, amene mwina zimamutsalira K10 pa K100, afunika 10 kuti angobweza.

Bambo apo akwezera dzanja. Akuti iwo amaoda chitenje K4,000 n'kugulitsa K5,000, ndiye phindu lawo ndi 25 peresenti, malire ndi 4. Bambo, pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa. K1,000 yanuyo mwaiyeza ndi mtengo wooda. Koma ROAS imawerenga ndalama yogulitsira, ndiye nanunso muyeze ndi mtengo wogulitsira. K1,000 pa K5,000 ndi 20 peresenti, malire anu ndi 5, ndipo apo sitinachotse thiransipoti yokaodera.

Pali china chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono: kutsitsa mtengo. Mayi aja aona kuti mabotolo 30 achepa, ndiye mwezi wotsatira alengeza kuti botolo ndi K4,500. Anthu akhamukira, agulitsa mabotolo 50 ndi K50,000 yomwe ija yotsatsira. Zolowa ndi K225,000, ROAS yakwera kufika 4.5. Yadutsa 4, si choncho? Dikirani. Ndalama yopangira botolo sinasinthe, idakali K3,750. Yotsala pa botolo tsopano ndi K750. Mabotolo 50 kuchulukitsa ndi K750 ndi K37,500. Yomwe ija! Aluzanso K12,500, koma ulendo uno akazinga mtedza wochuluka. Potsitsa K500 ija, malire anasuntha kuchoka pa 4 kufika pa 6, iwo osadziwa. Zomwezi zimachitika mtedza ukakwera mtengo m'miyezi ya mvula inu musanakweze chiponde. Nthawi iliyonse mtengo ukasintha, wogulira kapena wogulitsira, werengerani malire mwatsopano.

Nayo ndalama yotsatsira muziilemba yonse. Bandulo ya intaneti, wojambula zithunzi, mnyamata wokuikirani uthenga, zonsezo ndi zotsatsira. Ngati mukulipira ndi khadi m'madola, lembani makwacha amene banki yachotsadi, osati amene munaganizira. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti; uthenga wa madola omwewo unayamba kudya makwacha ambiri.

Kumbali ya zolowa, muziwerenga zokhazo zabweradi ndi uthengawo. Malonda athu ambiri amathera pa WhatsApp, ndipo Facebook siona ndalama imene yalowa pa foni yanu. Imakuuzani za anthu amene aona kapena kutumiza uthenga, basi. Ndiye wogula aliyense mufunseni kuti, "Mwamva kuti za chiponde chathu?" n'kulemba m'kope. Kasitomala wakale amene akanagula ndi kale musamuike m'gulu la obwera ndi kutsatsa. Wotenga pangongole mudzamulembe tsiku limene walipira. Botolo losweka m'minibasi lichotsedwe.

Mayi kutsogolo kuno afunsa ngati kuluza pa ulendo woyamba kuli kolakwika nthawi zonse. Ayi mayi, chiponde ndi chinthu chotha, wochikonda amabweranso. Mwa anthu amene anagula mabotolo 30 aja, 10 atabweranso kawiri aliyense popanda kulipiranso uthenga, amenewo ndi mabotolo 20, K25,000. Yakwirira K12,500 ija n'kutsalako K12,500. Koma zimenezi zioneke m'kope, dzina ndi tsiku, osati m'chiyembekezo. Komanso mudzifunse ngati mpamba wanu ungapirire miyezi iwiri kapena itatu mukudikira anthuwo, makamaka ngati ndalamayo munabwereka ku banki m'khonde, kumene chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi. Chiwongoladzanjacho nachonso muchiphatikize ku ndalama yotsatsira musanagawe.