Kampani Yakana Dandaulo Lanu? Nayi Njira Yopitira kwa Oyang'anira

Takulandirani nonse, kuno ku Mzuzu ndi kulikonse kumene mukuonera. Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa zovala mumsika wa Taifa wasamutsa K150,000 kuchoka ku akaunti yake ya kubanki kupita mu foni kuti aodere katundu. Kubanki ndalama zachoka, koma mu foni sizinafike. Wayenda maulendo atatu ku ofesi ya kampani ya foniyo, ndipo pomaliza amuuza kuti kwa iwo zonse zili bwino, nkhani yatha. Mayiyu alowere kuti?

Choyamba, dandaulani kaye kwa kampani imene mukukangana nayo, ndipo dandaulolo likhale lolemba. Izi ambiri mukuzidziwa, sindichedwapo.

Chachiwiri ndi chimene chandichititsa kujambula vidiyo ino, chifukwa pali bodza limene limandiwawa kwambiri, loti kampani ikanena kuti chigamulo chake ndi chomaliza ndiye kuti palibenso kwina kopita. Abale anga, mawu amenewo amangotanthauza kuti kampaniyo yamaliza mbali yake. Kampani ndi mmodzi mwa anthu awiri amene akukangana, ndipo wokangana naye sangakhalenso woweruza. Banki, kampani ya inshuwalansi ndi kampani ya mafoni zimagwira ntchito ndi chiphaso, ndipo amene anapereka chiphasocho, yemwe ndiye woyang'anira, ali ndi mphamvu yoifunsa kampaniyo kuti ifotokoze ndi kuonetsa zolembedwa zake, zomwe inu simungazione muli pa kauntala. Ndiye akakukanani musakwiye n'kutuluka chimanjamanja. Pemphani kuti kukanako akulembe pa pepala kapena pa imelo, pakhale tsiku, chifukwa chokanira ndi nambala ya dandaulo lanu. Woyang'anira amayamba wafunsa ngati munapita kaye kwa kampani, ndipo pepala limeneli ndilo yankho lanu. Akakana kulemba, lembani inu kalata, muisiye pa ofesi yawo, ndipo kope yanu aidinde chidindo cha tsiku lomwe alandira. Ngati akhala chete osayankha, kope yodindidwayo isonyeza kuti mpata munawapatsa.

Ngati munauzidwapo kuti nkhani yatha, tiuzeni mu ndemanga pansipa, ndipo dinani batani lolembetsa kuti vidiyo yotsatira, ya madandaulo a magetsi, isakupiteni.

Chachitatu, gogodani pa khomo loyenera. Pa nkhani ya mayi uja ambiri angathamangire ku MACRA poti pali foni. MACRA imaona za mayunitsi, mabandulo, netiweki ndi mawayilesi. Ndalama za mu foni, mabanki, inshuwalansi ndi penshoni zili m'manja mwa Reserve Bank of Malawi, pakuti malinga ndi lamulo la 2010 loyendetsera mabungwe a zachuma, Gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira mabungwewa. Bankiyi ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, kumene mungafunse njira yoperekera dandaulo. Za magetsi ndi mafuta a galimoto ndi za MERA, za malonda achinyengo ndi za CFTC, pamene ofesi ya Ombudsman imaona makamaka kupanda chilungamo kochitika m'maofesi a boma.

Chachinayi, kalata yanu yopita kwa woyang'anira. Mayi uja alembe tsiku ndi nthawi imene anasamutsa ndalama, kuchuluka kwake, ndi nambala yotchedwa Transaction ID kapena Ref imene ili mu uthenga wa pa foni. Aphatikize sitetimenti ya kubanki yosonyeza kuti K150,000 inachoka, sitetimenti ya akaunti ya pa foni yosonyeza kuti tsiku limenelo sinalowe, ndi kalata yokana ija. Mapepala awiri oyambawa akaikidwa pamodzi, funso silikhalanso loti mayiyu akunena zoona kapena ayi, koma loti ndalamazo zaima pati pakati pa banki ndi kampani ya foni. N'chifukwa chake adandaule kwa onse awiri ndi kuwatchula onse m'kalata, kuopa kuti aliyense aziloza chala mnzake. Pomaliza anene chimene akufuna: ndalama zibwerere ku akaunti yake pamodzi ndi zomwe anamudula posamutsa. Chonde, uthenga wa pa foni uja musaufufute, ndipo perekani makope okha, mapepala enieni musunge.

Chachisanu, dziwani malire ake. Woyang'anira amamva mbali zonse ziwiri, choncho akhoza kugwirizana ndi kampani, ndiponso yankho silibwera tsiku lomwelo. Ngati munapereka nokha nambala yanu yachinsinsi kwa wakuba amene anakuimbirani foni, nkhaniyo kanenani msanga kwa kampani ndi kupolisi, ndipo kuti ndalama zibwerere kumakhala kovuta. Mukapanda kukhutira ndi yankho la woyang'anira, khoti likadalipo, ndipo mapepala omwewa ndi amene mukapite nawo kumeneko.