Pasiwedi yanu ndi yolondola, amalume, yambani mwaona wotchi ya foni

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu woti mukulephera kulowa mu Facebook ndaumva, ndipo chithunzi cha foni mwanditumiziracho ndachiona. Pepani ndachedwa kuyankha, pa benchi panali anthu ambiri lero. Ndikuti ndilankhule m'malo molemba kuti muzimvetsera foni ili m'manja, muziimitsa pamene mwafuna.

Choyamba, musasinthenso pasiwedi. Mwanena kuti mwasintha kawiri kuyambira dzulo, ndiye basi, ilekeni momwemo. Pa chithunzi chija Facebook ikukupemphani manambala 6. Pa Facebook yeniyeni, tsamba limenelo munthu safikapo ngati pasiwedi walakwitsa. Mukanalakwitsa, akanakubwezani pakhomo pomwepo ndi mawu ofiira onena kuti pasiwediyo si yolondola. Ndiye kuona kokha tsamba la manambalalo ndi umboni woti pasiwedi ailandira. Zili ngati nyumba ya mpanda: pa geti mwadutsa, koma chitseko cha nyumba chili ndi kiyi wakewake. Inu mwakhala mukusintha loko wa pa geti pomwe chakukanikani ndi chitseko. Komanso munthu akamayesa kambirimbiri motsatizana, a Facebook amaganiza kuti ndi wakuba amene akungolota, ndiye amakuimitsani kaye kwa kanthawi. Ukatero vuto limodzi labala lachiwiri.

Tsono funso ndi lakuti manambala 6 amenewo amachokera kuti. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ena amawalandira pa meseji. Ena amawatenga m'kapulogalamu ka pa foni, ngati kaja ndinakuikirani chaka chatha mutataya simukhadi yakale, kolembedwa Google Authenticator. Inu muli m'gulu lachiwirili, ndipo mwati manambala mukuwaona bwinobwino, mukuwalemba mosamala, koma akukanidwa. Pamenepa ine ndimayamba ndi wotchi ya foni ndisanakhudze china chilichonse.

Ndifotokoze chifukwa chake, kuti musaone ngati ndikungolota. Kapulogalamu kaja sikalandira manambala kuchokera kwina ayi, nchifukwa chake kamagwira ntchito ngakhale mulibe bandulo. Kamawerengera kokha. Tsiku lomwe tinkakalumikiza ndi akaunti yanu, foni yanu ndi makompyuta a Facebook anagawana chinsinsi chimodzi. Kuyambira pamenepo, pa masekondi 30 aliwonse foni imatenga chinsinsicho, n'kuchisakaniza ndi nthawi ya pa wotchi yake, n'kutulutsa manambala 6. Kumeneko nakonso akuchita masamu omwewo ndi wotchi yawo. Mawotchi akagwirizana, mayankho amafanana, chitseko chimatseguka. Koma wotchi yanu ikatsalira kapena kuthamanga ndi mphindi zingapo chabe, foni imakupatsani manambala a nthawi ina, omwe kumeneko anadutsa kale kapena sanafike. Inu mwalemba zoona zomwe mwaona, koma zoonazo ndi za nthawi yolakwika.

Mwezi wathawu anabwera mayi wina amene amagulitsa nsalu ndi nsapato pa Facebook. Anali atatha masiku atatu osalowa, makasitomala akumuimbira kuti bwanji simukuyankha. Ndinamufunsa za wotchi, iye anandionetsa foni mwamphamvu ndithu: taonani achimwene, 10 koloko, ndendende ndi wotchi ya pakhoma lanuyo. Zoonadi zinali zofanana. Koma nditalowa m'kati ndinapeza kuti foniyo anaigula ku Dar es Salaam, ndipo dera la nthawi linali likadali la ku Tanzania. Iwo ali patsogolo pathu ndi ola limodzi: kwathu ndi GMT+2, kwawo ndi GMT+3. Mayiyo ataona kuti foni ikuthamanga ndi ola, anangobweza wotchi ndi dzanja kuti izionetsa nthawi ya kuno, dera n'kulisiya momwemo. Ndiye foni inkaganiza kuti ndi 10 koloko ya ku Dar es Salaam, yomwe kuno ndi 9 koloko. Pamaso zinali bwino, koma m'kati inali itatsalira ola lathunthu. Ola limodzi lili ndi timagawo 120 ta masekondi 30, choncho manambala omwe ankalemba anali atasinthidwa kale maulendo 120. Tinakonza dera, foni inadzitengera nthawi pa netiweki, ndipo analowa ulendo woyamba womwewo, ndi pasiwedi yomwe ija ankaikayikira.

Foni yanunso ndikuikayikira chifukwa munandiuza kuti inakhala yozima sabata yonse batire itafufuma, ndipo mwana ndiye anakukonzerani nthawi. Ndiye chitani izi. Pitani pa Settings, mufufuze System, kenako Date & time. Pa mafoni ena zili pansi pa General management, koma mukalemba mawu akuti date pa malo ofufuzira pamwamba paja, zibwera zokha. Mupeza timabatani tiwiri. Kena ndi ka nthawi, kamalembedwa Set time automatically kapena Automatic date & time. Kena ndi ka dera, kamalembedwa Set time zone automatically kapena mawu ofanana nawo. Yatsani tonse tiwiri. Ngati tinali toyaka kale, tizimitseni n'kutiyatsanso kuti foni ifunse netiweki mwatsopano. Kenako onani pamene palembedwa dera, paoneke GMT+02:00. Onaninso deti ndi chaka, chifukwa foni yomwe yakhala yopanda moto nthawi zina imabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo zikatero ngakhale masamba ena a pa intaneti amakana kutseguka.

Mukatero tsegulani kapulogalamu kaja. Pambali pa manambala pali kabwalo kamene kamatha pang'onopang'ono. Musatenge manambala kabwaloko katatsala pang'ono kutha, chifukwa pomwe muzimaliza kulemba adzakhala atasintha. Dikirani atsopano atuluke, ndiye mulembe nthawi yomweyo. Ndipo muone bwino mzere womwe mukutengapo, chifukwa muli iwiri mmenemo, wina wa imelo wina wa Facebook. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa.

Poti mwanena kuti uthengawu muwamvetseretsanso azakhali, ndiwonjezere za iwo, chifukwa manambala awo amabwera pa meseji. Kwa iwo wotchi si nkhani kwenikweni. Choyamba kuona ndi nambala yomwe meseji ikupitako. Pa tsambalo amabisa nambala n'kusiya manambala omalizira okha. Awerengeni, muyerekeze ndi simukhadi yomwe ili m'foni lero. Nthawi zambiri munthu anatsegula akaunti zaka zapitazo ndi nambala ina, anaitaya kapena anaisiya, ndipo meseji ikupitabe komweko. Choopsa n'chakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa munthu wina, ndiye manambala anu achinsinsi akugwera m'foni ya mlendo. Ngati nambala ndi yomweyo koma meseji sikufika, aone ngati foni ikulandira mameseji ena, aonenso m'malo momwe foni imabisa mameseji omwe ikuwaganizira kuti ndi achabechabe. Asamangodinadina kuti atumizirenso. Mameseji amatha kuchedwa n'kufika onse pakamodzi, munthu n'kulemba akale pomwe ofunika ndi omalizira.

Nambala ikakhala kuti inatayika, pansi pa tsamba lomwelo pamakhala mawu akuti Try another way. Dinani pamenepo. Ngati pali foni ina kapena kompyuta yomwe akauntiyo ikadali yotsegula, mutha kuvomereza kuchokera kumeneko kuti ndinu amene mukulowa. Nchifukwa chake ndikupemphani, tabuleti ija ya kunyumba ngati Facebook yanu ikadali yotsegula mmenemo, musatulukemo, ndipo mwana asafufute kalikonse. Imeneyo ndiyo ingatipulumutse zina zonse zikakanika.

Palinso mtundu wina wa vutoli, woti walemba pasiwedi, kachizindikiro kazungulirazungulira, kenako wabwerera pomwe unayambira popanda uthenga uliwonse. Pamenepo yeserani pa Chrome, mulembe nokha facebook.com ndi kulowera kumeneko. Mukalowa, ndiye kuti akaunti ilibe vuto, yadwala ndi pulogalamu ya pa foni. Pitani pa Settings, Apps, Facebook, Storage, mudine Clear cache, kenako muone ku Play Store ngati pali yatsopano. Ngati pa foni pali VPN, izimitseni kaye, chifukwa imachititsa kuti muzioneka ngati mukulowa muli dziko lina, ndiye iwo amayamba kukayikira n'kukufunsani mafunso owonjezera.

Nthawi zina vuto silikhala lanu n'komwe. Pa 5 Malichi 2024, Facebook inatulutsa anthu ochuluka m'maakaunti awo padziko lonse, ndipo kwa maola pafupifupi awiri anthu ankalemba mapasiwedi olondola koma osalowa. Ambiri anathamangira kusintha poganiza kuti aberedwa, pomwe chofunika chinali kungodikira. Choncho kufunsa mnansi kuti kodi yanu ikutseguka sikudya ndalama, ndipo kumatha kukupulumutsani ku ntchito yosafunika.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chimodzi, ndipo mundiyankhe moona, amalume. Kodi tsamba lomwe munalembapo pasiwedi koyamba dzulo munalitsegula nokha, kapena munadina ulalo womwe wina anakutumizirani? Ndikufunsa chifukwa akuba amapanga tsamba lofanana ndendende ndi lenileni. Ukalemba pasiwedi, iwo amaitenga n'kukailemba pa tsamba lenileni nthawi yomweyo, kenako amakupempha manambala 6 aja, ukawapatsa amakuuza kuti walakwitsa pomwe iwo alowa kale. Chozindikirira ndi adiresi ya pamwamba: dzina lomwe lili kumanzere kwa kamzere kopendekera koyamba, osawerengera timizere tiwiri ta https://, lithere ndi facebook.com, popanda china chophatikizapo. Ngati munadina ulalo wotero, ndiimbireni pompano, tisadikire mawa. Tilowera pa tabuleti ija, tisinthe pasiwedi kuchokera m'kati, tione pa Where you're logged in n'kutulutsa foni iliyonse yomwe simukuidziwa. Zikakanika pamenepo pali tsamba lawo la facebook.com/hacked. Ndipo manambala 6 amenewo musauze munthu aliyense, kaya wakuimbirani kuti ndi wa ku kampani, kaya walemba ngati m'bale wanu. Ngakhale ine ndikakupemphani pa meseji, yambani mwandiimbira mumve mawu anga.

Mukalowa bwino, tisasiyire pomwepo. Pitani pa Accounts Center, Password and security, Two-factor authentication, mufufuze Recovery codes. Akupatsani mizere 10 ya manambala, uliwonse umagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo sudalira wotchi kapena simukhadi. Muilembe ndi cholembera m'kope lija mumasungamo za feteleza, osati kuijambula pa foni yomweyo. Muchotsenso nambala yakale ija pa akaunti n'kuikapo ya panopa.

Ndiye panopa konzani wotchi ndi dera, mudikire kaye ola limodzi poti mwayesa kambiri lero, kenako muyese kamodzi ndi pasiwedi yomalizira yomwe munasintha, osati yakale ija. Chikatuluka china chilichonse, jambulani tsambalo lonse ndi adiresi ya pamwamba yomwe, munditumizire. Foni ndili nayo pafupi mpaka usiku. Mupereke moni kwa azakhali.