Kalata ya ku Chinamwali: kodi ndiyambe kumwa kiriyetini?

"Ndine bambo wa zaka 44 wa ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo ndayamba kunyamula zitsulo ku jimu mwezi wathawu. Nditafunsa aphunzitsi athu kuti, 'Achimwene, kodi ndigule kiriyetini?' iwo anati, 'Bambo, mukufuna mphamvu kapena kuchepetsa thupi, nanga pali mankhwala amene mumamwa?' Ndinayankha kuti ndikufuna zonse ziwiri, komanso kuti ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Iwo anangoti, 'Kayezetseni kaye impso.' Kodi sakungondiopseza?"

Bambo a ku Chinamwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo aphunzitsi anuwo musawataye, pakuti ena akadangokulozerani kogula. Kiriyetini amagulitsidwa ngati ufa umene onyamula zitsulo amamwa, ndipo si mankhwala osokoneza mahomoni. Thupi limapanga lokha pafupifupi galamu imodzi patsiku m'chiwindi ndi mu impso, ndipo wina timamupeza mu nyama ndi nsomba. Ntchito yake ndi kubwezeretsa msanga mphamvu m'minofu pamene munthu akugwira ntchito yolemetsa ya masekondi ochepa, kotero kuti chitsulo chimene munkachikweza kasanu ndi katatu mukhoza kuchikweza kamodzi kapena kawiri kowonjezera. Koma pokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, phindu lake n'lochepa, ndiponso sasungunula mafuta.

Za impsozo zili ndi zifukwa ziwiri. Kwa munthu wa impso zabwino, kiriyetini pa mlingo woyenera saziwononga, koma kuthamanga kwa magazi kumatha kuzifooketsa mwakachetechete kwa zaka zambiri mwiniwake osamva kuwawa kulikonse. Komanso kiriyetini akagwira ntchito amasanduka kiriyatinini, chinthu chomwecho chimene achipatala amayeza m'magazi pofuna kudziwa mmene impso zilili. Mukayamba kumwa musanayezetse, nambalayo ikhoza kukwera pang'ono, ndiye adokotala n'kuvutika kusiyanitsa ngati wakweza ndi ufawo kapena matenda. Mukayezetsa kaye, pamakhala poyerekezera. Adokotalawo muwauzenso ngati mumamwa aibupulofeni kapena daikilofenaki kawirikawiri pothetsa kuphwanya kwa thupi, chifukwa amenewa amalemetsa impso.

Akakulolani, gulani wa mtundu wa monohaidireti, ndipo muzimwa magalamu 3 mpaka 5 tsiku lililonse ndi madzi, ngakhale tsiku limene simunapite ku jimu. Minofu imadzaza ndi kiriyetini pakatha milungu itatu kapena inayi. Anyamata ena amayamba ndi magalamu 20 patsiku kwa masiku 5 mpaka 7, koma njira imeneyi imangofulumizitsa, ndipo ena imawatsegula m'mimba.

Popeza mukufunanso kuchepetsa thupi, musadabwe sikelo ikakwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m'masabata oyamba, pakuti amenewo ndi madzi osungidwa m'minofu, choncho muziyeza m'chiuno ndi tepi. Ine ndikadakhala inu ndikadadikira miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa munthu wongoyamba kumene amawonjezera mphamvu msanga ngakhale popanda ufa uliwonse, ndipo mukayamba lero simudzadziwa ngati chakuthandizani ndi chitsulo kapena ufawo.