Kalata yopempha chilolezo musanatulutse chithunzi cha kasitomala amene mwamuveka chovala china

Zikomo a mpando, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mumasoka ndi kugulitsa zovala pa msika wathu uno. Ambiri mwa inu mwayamba kukonza timabuku toonetsa zovala, tija timatchedwa katalogi, ena mukusindikiza pa pepala ndipo ena mukungotumiza pa foni. Achinyamata amene amatithandiza pa kompyuta atha tsopano kutenga chithunzi chimodzi cha kasitomala n'kumuveka diresi lina, suti ina kapena nsalu ya mtundu wina, moti munthu mmodzi amaoneka atavala zovala zisanu zimene sanazigwirepo ndi dzanja. Nkhani yanga lero ndi ya kalata imene tiyenera kulembera kasitomalayo tisanatulutse chithunzi chotero.

Ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ine mwini m'shopu yanga. Mayi wina, kasitomala wanga wa zaka zambiri, anasoketsa diresi la chitenje lopita nalo ku chinkhoswe, lalitali mpaka m'mapazi ndiponso la manja aatali. Tsiku limene anabwera kudzayesa ndinawapempha kuti ndiwajambule, iwo anavomera ndi chimwemwe. Patapita miyezi ndinapereka chithunzicho kwa mnyamata wondikonzera katalogi, ndipo iye anawaveka diresi lina lomwe ndinkafuna kutsatsa, lolekeza m'mawondo komanso lopanda manja. Ine ndinaona kuti chakongola, ndinalola kuti chisindikizidwe. Mayiwo ndi mtsogoleri wa amayi ku mpingo kwawo, ndipo chithunzicho anachiona koyamba chili m'manja mwa mnzawo. Atafika ku shopu sanakalipe. Anangoika pepalalo pa makina osokera, n'kuloza ndi chala, n'kundifunsa kuti, "Kodi mikono iyi ndi ya ndani?" Ndinasowa choyankha, chifukwa mikonoyo sinali yawo. Pa chithunzi choyamba inali yobisika m'nsalu, ndiye kuti diresi lopanda manja litheke, mnyamata uja anachita kuwapangira mikono ndi miyendo.

Cholakwa changa chinali kuganiza kuti munthu akavomera kujambulidwa ndiye kuti wavomera zonse. Kujambulidwa ndi chilolezo chimodzi, kuikidwa mu katalogi ndi chilolezo chachiwiri, ndipo kuvekedwa chovala chimene sunavale ndi chilolezo chachitatu, chomwe ndi cholemera kuposa ziwiri zinazo, pakuti anthu akaona chithunzi amakhulupirira kuti munthuyo anasankha yekha kuvala motero. Malamulo nawo sali chete pa nkhaniyi. Gawo 21 la Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wake, ndipo mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Chithunzi chimene munthu akuzindikirika nacho ndi uthenga wokhudza iyeyo, ndipo chilolezo chimene wapereka pa cholinga chimodzi sitingachitambasule tokha kuti chifike pa cholinga china.

Tsopano ndikuwerengereni kalata imene ndimagwiritsa ntchito masiku ano. Pamwamba ndimalemba dzina la shopu, malo ake, nambala ya foni ndi tsiku, kenaka mawu ake ndi awa:

"Okondedwa Mayi, tikuthokoza chifukwa chosoketsa zovala kwa ife. Tikulemba kupempha chilolezo chanu kuti tiike chithunzi chanu mu katalogi ya shopu yathu. Chithunzicho ndi chimene tinakujambulani tsiku lomwe munabwera kudzayesa diresi lanu lobiriwira, koma tachisintha pa kompyuta kuti muoneke mutavala bulauzi ndi siketi yayitali za chitenje chofiirira, zimene inu simunavale. Nkhope yanu, khungu lanu ndi thupi lanu sitinasinthe. Tamata zithunzi zonse ziwiri pa kalata ino, choyamba ndi chosinthidwa, ndipo chosinthidwacho ndi chokhacho chimene tikupempha kugwiritsa ntchito. Chidzatuluka m'makope 200 osindikizidwa amene tidzagawa pa shopu pano, komanso pa tsamba la Facebook la shopu yathu, kwa miyezi 12 kuchokera tsiku limene musayine. Dzina lanu sitidzalilemba, ndipo pansi pa chithunzi tidzalemba kuti chovala chinasinthidwa pa kompyuta. Pothokoza tidzakusokerani chovala chimodzi osalipira ntchito ya manja. Muli ndi ufulu kukana, ndipo mukakana tidzapitiriza kukutumikirani monga kale. Mukavomera kenaka n'kusintha maganizo, tiuzeni, tidzachotsa chithunzi pa Facebook pasanathe masiku 3 ndipo sitidzasindikizanso, ngakhale makope amene adzakhale atagawidwa kale sitingathe kuwabweza."

Pansi pamakhala mizere iwiri, wina wakuti "Ndavomera" ndi wina wakuti "Sindinavomere", kenaka malo a dzina, siginecha ndi tsiku. Manambala amene mwamvawo ndi a shopu yanga, inu mudzalembe anu, koma mudzalembe manambala enieni osati mawu akuti "makope angapo" kapena "kwa kanthawi".

Chofunika kwambiri pa kalata yonseyi si mawu ake, koma zithunzi ziwiri zomatidwa zija. Musapemphe chilolezo chithunzi chisanakonzedwe, chifukwa mukangolemba kuti "tidzakuvekani chovala china", kasitomala adzaganiza za chovala chimene iye amakonda pamene inu mukuganiza za chimene mukufuna kugulitsa, ndipo nonse awiri mudzasayina zinthu zosiyana pa pepala limodzi. Yambani mwakonza chithunzi chosinthidwacho, chisungeni pakati pa inu ndi wokonzayo, kenaka musonyezeni mwini wake chitatha. Ine ndimapempha kuti asayinenso kumbuyo kwa chithunzi chosinthidwacho, kuti mawa pasadzakhale mkangano wakuti anaona chiti. Ngati mukufuna kumuveka zovala zitatu, zithunzi zikhale zitatu ndipo iye avomere chilichonse pachokha, popeza munthu atha kukondwera ndi suti ya ku ofesi koma osafuna kuoneka mu thalauza.

Musanalembe chiganizo chija chakuti thupi sitinasinthe, yambani mwatsimikiza kuti ndi zoona, chifukwa wokonza chithunzi nthawi zina amasintha osakuuzani, poganiza kuti akukongoletsa. Ikani zithunzi ziwirizo moyandikana pamalo owala. Yang'anani pakhosi, pomwe kolala imakumana ndi khungu, ngati khosi la chovala latsika kuposa poyamba. Yang'anani mtundu wa khungu la nkhope poyerekeza ndi la manja, pakuti ena amayeretsa nkhope. Yang'anani chiuno ndi mapewa, ndipo ngati chitseko kapena khoma la kumbuyo kwa munthuyo lapindika pafupi ndi chiuno, dziwani kuti chiunocho chasinthidwa. Lamulo limene ndinadziikira nditakumana ndi mayi aja ndi lakuti chovala chatsopano chisaonetse mbali ya thupi imene inali yobisika pa chithunzi choyamba. Manja aatali asanduke manja aatali, siketi yayitali isanduke yayitali, ndipo ngati munthu anamanga duku, dukulo likhalepo, chifukwa mukalichotsa wina adzayenera kumupangira tsitsi losakhala lake. Ngati mukufunadi kutsatsa chovala chachifupi, pezani munthu amene angachivale n'kujambulidwa nacho.

Ena mwa inu mwina mwadabwa kuti ndinalemba poyera zakuti makope ogawidwa sitingawabweze, ngati kuti ndikumuopseza kasitomala. Ndinatero dala. Kulonjeza kuti "tidzachotsa paliponse" ndi bodza, chifukwa katalogi imene yapita ku mudzi wina simungaitsatire, ndipo chithunzi chimene chalowa m'magulu a WhatsApp anthu amatumizirana mopanda malire. Ndi bwino kuti munthu adziwe zimenezi asanasayine. Pa chifukwa chomwecho, tchulani malo aliwonse amene chithunzi chidzaonekere. Kalata yonena za katalogi siikupatsani mphamvu yokulitsa chithunzicho n'kuchipachika pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, ndipo miyezi 12 ikatha, kusindikizanso kumafuna kalata ina.

Kaperekedwe ka kalata nako kali ndi mwambo wake. Musaipereke nthawi imene kasitomala akukudandaulirani kuti mumuchotsereko mtengo kapena ali ndi ngongole pa shopu, chifukwa adzavomera mwa manyazi, ndipo kuvomera kotero kumabala madandaulo pambuyo pake. Mpatseni apite nayo kunyumba kwa sabata imodzi, akaonetse amene akufuna kuwaonetsa. Amayi ambiri amafuna kukambirana ndi amuna awo kapena abale awo, ndipo zimenezo ndi zabwino, koma wosayina ndi mwini chithunzi, osati mwamuna wake, mlongo wake kapena mnzake amene anabwera naye. Akapanda kuyankha, musanene kuti kukhala chete ndi kuvomera. Mukumbutseni kamodzi, ndipo akakhalabe chete chithunzicho chisiyeni. Ngati kasitomala sadziwa kuwerenga, wina amene iye wamusankha amuwerengere kalata yonse mokweza m'chilankhulo chimene amamva bwino, adinde chala, ndipo wowerengayo asayine ngati mboni.

Kwa inu amene mumasoka yunifolomu za sukulu ndi zovala za ana, dziwani kuti kuyambira mu 2017 Malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kalata ya mwana imapita kwa kholo kapena womulera, ndipo mwana amene wafika pozindikira afunsidwenso, pakuti ndiye amene adzasekedwe ndi anzake. Musaveke mwana yunifolomu ya sukulu imene saphunzirako, ndipo baji ya sukulu yake isaoneke, chifukwa imauza aliyense kumene mwanayo amapezeka tsiku ndi tsiku.

Pali funso limene bambo wina anandifunsa tisanayambe, lakuti nanga kasitomala akabweretsa yekha chithunzi cha pa ukwati wake. Pamenepo pali anthu awiri oti muwapemphe, chifukwa lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso limatetezanso zithunzi, ndipo wojambula atha kukhala ndi ufulu pa chithunzi chimene anajambula ngakhale nkhope ili ya wina. Funsani amene anajambula, ndipo mugwirizane naye molemba kuti akulola kuti chisinthidwe ndi kusindikizidwa. Anthu ena onse ooneka pa chithunzicho, monga operekeza akwati, aduleni kapena aliyense alandire kalata yake.

Kalata ikasayinidwa, pangani makope awiri, limodzi la kasitomala ndi lina lanu, ndipo lanulo mulisunge mu envulopu pamodzi ndi zithunzi ziwiri zija, mutalemba kunja tsiku limene chilolezo chidzathe. Wokonza zithunzi mumuuze kuti afufute zithunzi za kasitomala mu foni ndi mu kompyuta yake ntchito ikatha, makamaka zija zoyesera zimene sizinavomerezedwe, ndipo asazigwiritse ntchito potsatsa luso lake. Ndabweretsa makope a kalata ndawerenga ija, a mlembi awagawa tsopano, ndipo amene ali ndi katalogi yomwe inatuluka kale popanda chilolezo atsale pang'ono kuti tione pamodzi mmene angalembere makasitomala awo.